Wachedwa kubwera, foni yalandidwa, mawa n'chimodzimodzi: kuthetsa mkanganowu pamodzi ndi mwana

Mkanganowu umayenda mofanana m'nyumba zambiri, kaya ndi ku Matero, ku Chawama kapena ku Kaunda Square. Kholo lanena kuti pofika 18:00 mwana akhale ali pakhomo. Mwana walowa pageti 19:15. Kholo lakalipa n'kulanda foni kwa mlungu wathunthu. Mkuja wake mwana wapitanso ku matyushoni chimanjamanja, wachedwanso, ndipo ulendo uno palibe ngakhale njira yomufunsira kumene wafika. Foni ija ikabwezedwa amaigwira mpaka pakati pa usiku, m'mawa kudzuka n'kovuta, mkangano wina wayambika.

Apa pali mavuto awiri osiyana. Loyamba ndi la nthawi yofikira pakhomo, lachiwiri ndi la foni usiku. Chimene chimawamangirira pamodzi ndi chilango cholanda foni, ndipo chilangochi chimachotsa chida chokhacho chimene chikanachepetsa nkhawa ya kholo mwana akachedwa panjira. Choncho amasuleni kaye, muyambe ndi limodzi. Ife timalangiza kuyamba ndi la nthawi yofikira, chifukwa ndi limene lili ndi ngozi yeniyeni, komanso ndi losavuta kuliyeza.

Werengani kaye ulendo, mphindi ndi mphindi

Tiyerekeze ndi mtsikana wa zaka 16, wa Giredi 11. Kwawo ndi ku Matero, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi amapita ku matyushoni a masamu ku Kabwata. Amayi ake anaika 18:00 poganiza kuti phunziro limatha 17:00, ndiye ola limodzi n'lokwanira. Mtsikanayu amafika pakati pa 19:00 ndi 19:30 pafupifupi nthawi zonse.

Musanaganize za chibwenzi kapena mwano, tengani pepala mulembe ulendowo chigawo ndi chigawo. Mphindi zili apazi ndi zongoyerekezera, inu mulembe zanu. Aphunzitsi samaliza 17:00 ndendende, tinene 17:15. Kuyenda kukafika pasiteji ndi mphindi 10. Basi yochoka ku Kabwata kulowa m'tauni nthawi yoweruka anthu kuntchito, mphindi 30. Kutsika n'kudutsa m'chipiringu cha m'tauni kukafika pokwerera basi za ku Matero, mphindi 15. Kudikira basi, kapena kukhala m'basi imene sinyamuka isanadzaze, mphindi 20. Msewu wa Lumumba madzulo, mphindi 35. Kuchoka pasiteji kufika pageti, mphindi 10. Mukaphatikiza, mwana amene sanaime paliponse akufika 19:15.

Lamulo la 18:00 linali losatheka kuyambira tsiku limene linaikidwa. Mwana akaona kuti ngakhale athamange bwanji akakalipiridwabe, amasiya kuthamanga. Amayamba kuima mphindi 20 ndi anzake pa kantemba, poti mlandu ndi umodzimodzi kaya afike 19:15 kaya 19:35. Ndi mmene lamulo losatheka limabalira kusamvera kwenikweni.

Mungadziwe bwanji ngati vuto ndi msewu kapena ndi mwana? Yang'anani mmene kuchedwako kumakhalira. Ngati amachedwa masiku omwewo, ndi mphindi zofananafanana, vuto lili m'dongosolo la ulendo. Ngati lero ndi mphindi 10, mawa maola awiri, ndipo nkhani yake imasinthasintha mukamufunsa kawiri, pali china chimene sakunena. Njira yotsimikizira ndi yakuti munthu wamkulu wa pakhomo ayende ulendo womwewo kamodzi, tsiku la pakati pa mlungu, pa nthawi yomweyo. Loweruka masana simungaone chilichonse, misewu imakhala ina.

Pali chinanso chimene makolo ambiri saganizira. Mu Lusaka dzuwa limalowa cha m'ma 17:40 mu Juni, koma mu Januwale limafika cha m'ma 18:40. Ngati chimene mukuopa ndi mdima, nthawi imodzi yofikira singagwire chaka chonse. Nthawi imene inali yabwino m'dzinja imakhala itada kale m'nyengo yozizira.

Kukhala pansi: nthawi yake ndi mawu oyambira

Njira yothetsera vuto pamodzi ili ndi masitepe atatu, ndipo katswiri wa zamaganizo wa ku America, Ross Greene, ndi mmodzi mwa amene anaifotokoza bwino: kumva kaye mbali ya mwana mpaka kuimvetsa, kunena nkhawa ya kholo, kenako kuitana mwana kuti mupeze limodzi njira yokwaniritsa mbali zonse ziwiri. Dongosolo la masitepewa ndi lofunika. Mukayamba ndi nkhawa yanu, mwana amamva kuti chigamulo chaperekedwa kale ndipo amatseka pakamwa.

Musakambirane pageti iye akungofika. Pamenepo inu mtima uli m'mwamba, iye ali ndi njala ndi mantha. Nenani mawu ochepa, "Wafika, idya, tikambirana Loweruka," basi. Loweruka m'mawa patulani mphindi 20 kapena 30, azing'ono ake asakhalepo, alendo asakhalepo. Zimayenda bwino manja akakhala pa ntchito, mwachitsanzo mutakhala moyandikana pakhonde mukusadzula chibwabwa, chifukwa mwana safunika kukuyang'anani kumaso.

Kwathu mwana amaleredwa kuti wamkulu akamalankhula asayankhe. Ndiye mukangoti "lankhula," iye amaona ngati msampha. Mpatseni chilolezo momveka: "Lero ukandiyankha si mwano. Ndikufuna ndimve." Kenako tchulani chinthu chimodzi chokha chimene mwaona, popanda kumupatsa dzina loipa. "N'chifukwa chiyani sumva iwe?" si funso, ndi mlandu. Yambani motere:

"Ndaona kuti Lachiwiri ndi Lachinayi zikukuvuta kufika 18:00. Chikuchitika n'chiyani?"

"Palibe, amayi."

Apa ndi pamene makolo ambiri amagwera. Amadikira masekondi awiri, kenako n'kuyamba ulaliki. Khalani chete, werengani chamumtima mpaka 20. Ngati sakuyankhabe, chepetsani funsolo likhale la zinthu zooneka: "Lachinayi lapitali aphunzitsi anamaliza nthawi yanji? Unafika m'tauni kukali kowala?" Mafunso a nthawi ndi malo ndi osavuta kuyankha kusiyana ndi mafunso a mumtima.

"Anamaliza kota pasiti. M'tauni basi zinalibe, anthu anali ambiri. Ndinkafuna kukuimbirani koma munali mutatenga foni."

"Ndiye vuto ndi aphunzitsi kuchedwa, ndi basi za m'tauni. Palinso china?"

"Anzanga onse amatsala kucheza pang'ono. Ine ndekha ndimathamanga ngati kamwana."

Bwerezani zimene wanena m'mawu anu, n'kufunsa "palinso china?" mpaka atanena kuti zatha. Nthawi zambiri chenicheni chimatuluka kachitatu, monga apa: manyazi pamaso pa anzake. Musachitsutse. Kumva si kuvomereza, ndipo mpata wanu ukubwera.

Nkhawa yanu si "18:00"

Sitepe yachiwiri imalephereka pa chifukwa chimodzi: kholo limanena yankho m'malo mwa nkhawa. "Ndikufuna uzifika 18:00" ndi yankho. Nkhawa ndi chimene chili kuseri kwake, ndipo muyenera kuchidziwa inu musanakhale pansi. Kodi ndi kanjira kochokera pasiteji kukada, kumene majanki amalanda mafoni? Kodi ndi kusadziwa kumene ali? Kodi ndi nsima ya madzulo imene ikudikira iye? Kodi ndi homuweki? Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake, ndipo ena mwa mankhwalawo sakhudza ola n'komwe.

Nenani m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, osapitirira: "Ine chimene chimandisowetsa mtendere ndi kanjira kaja kochoka pasiteji kukada. Komanso ikakwana 18:30 ndisakudziwa kumene uli, ndimaganiza zoipa zokhazokha." Za mmene munkakhalira inu muli msinkhu wake, za mwana wa a neba amene anatenga mimba, zisungeni. Mwanayo anazimva kale, ndipo zikangoyamba amasiya kumvetsera.

Sitepe yachitatu iyambe ndi kuika mbali ziwirizo pamodzi: "Ndiye tikufuna njira yoti usamathamange ngati kamwana, basi zikavuta usakhale pa mlandu, koma inenso ndizidziwa kumene uli ndipo usayende wekha mumdima. Iwe ukuganiza bwanji?" Ayambe iye. Lembani maganizo onse, ngakhale osatheka, musanayambe kusankha. Akati "ndizibwera pa Yango," lembani, kenako muwerengere limodzi mtengo wake pa mwezi, aone yekha ngati thumba lingakwanitse. Ganizo lililonse liyesedwe ndi mafunso awiri: kodi tingalichitedi mlungu ndi mlungu, ndipo kodi likuyankha nkhawa za tonse awiri?

Zimene banja lathu loyerekezera lingagwirizane ndi izi. Lamulo lichoke pa nthawi yofikira lipite pa nthawi yonyamukira, chifukwa kunyamuka kuli m'manja mwa mwana pamene msewu suli m'manja mwake. Phunziro likatha ali ndi mphindi 10 zocheza, ndipo pofika 17:35 akhale ali pasiteji ya ku Kabwata. Atumize uthenga kawiri: akakwera basi yoyamba, ndi pamene basi ya ku Matero yanyamuka m'tauni. Uthenga wachiwiriwo ukafika, mchimwene wake kapena amayi anyamuke nthawi yoti akamuchingamire pasiteji. Malire omaliza akhale 19:30, ndipo akaona kuti apitirira, aimbe nthawiyo isanakwane, osati itadutsa. M'miyezi ya Meyi mpaka Julayi, amayi alankhule ndi aphunzitsi ngati phunziro limodzi lingasamukire Loweruka m'mawa.

Kholonso likhale ndi mbali yake yolembedwa: kuyankha uthenga ndi mawu amodzi kuti mwana adziwe kuti wafika, kusaimba kasanu pakati pa ulendo (foni yolira m'chipiringu cha ku City Market kapena ku Kulima Tower imaitana akuba), ndiponso kusakalipa pageti ngati mwana anatumiza uthenga pa nthawi yake. Pangano lopanda mbali ya kholo ndi lamulo lakale lomwe lija, langolembedwa papepala.

Tsekani mipata itatu imene imagwetsa mapangano otere. Woyamba ndi batire: foni ichoke pakhomo ili ndi moto wopitirira theka, ndipo popeza magetsi amapita, ntchito yoitchaja ikhale ya usiku kapena ya nthawi iliyonse imene abwera. Wachiwiri ndi bandulo: uthenga wa WhatsApp sudutsa bandulo ikatha, ndiye gwirizanani kuti meseji wamba kapena kupeja kawiri motsatizana kukutanthauza kuti "ndakwera," ndipo nambala ya amayi ailoweze pamtima kuti athe kubwereka foni ya mnzake. Wachitatu ndi ndalama: akhale ndi ndalama yokwana basi imodzi yapadera, yosungidwa payokha m'chikwama, chifukwa mwana amene ndalama yamuperewera amayenda wapansi ndipo sanena.

Lembani zonsezi kumapeto kwa kope, osapitirira mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Nenani kuti n'zoyesera kwa milungu iwiri, ndipo tsiku lodzaonanso lilembedwe pomwepo.

Foni usiku

Vuto lachiwiri likambidwe tsiku lina, loyamba litayamba kuyenda. Masitepe ndi omwewo, koma pali mfundo zingapo zoti muzidziwe.

Akatswiri a za tulo amalangiza kuti mwana wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Mwana amene amadzuka 05:30 kuti apeze basi ayenera kukhala atagona pofika 21:30 kuti akwanitse maola 8 okhawo. Koma pa msinkhu wotha msinkhu thupi limasintha, tulo timayamba kubwera mochedwerapo kusiyana ndi mmene zinalili ali wamng'ono. Ndiye akati "tulo sitikubwera, amayi," kawirikawiri akunena zoona. Foni ndi imene imasandutsa mphindi 30 zosowa tulo kukhala maola atatu, chifukwa mavidiyo afupiafupi alibe pothera ndipo gulu la anzake siligona.

M'malo molimbana kuti "umakhala pafoni usiku wonse," "ayi sindikhala," onani manambala limodzi, foni ili m'manja mwake. Pa mafoni ambiri a Android, lowani mu Settings, kenako Digital Wellbeing & parental controls. Pa iPhone ndi Settings, kenako Screen Time. Mayinawa amasiyanako pang'ono pa mafoni ena. Mudzaona nthawi yonse ya tsiku ndi pulogalamu iliyonse payokha. Chiwerengero cha tsiku lonse chisakudzidzimutseni, chifukwa maola 5 akhoza kukhala ndi manotsi ndi mapepala a mayeso akale mkati mwake. Chofunika ndi maola a usiku: pakati pa 22:00 ndi 02:00 ankatsegula chiyani, ndipo masiku angati pa mlungu? Musatsegule mauthenga ake pa nthawiyi. Munagwirizana kuona nthawi, ndipo mukadumpha malirewo sadzakupatsaninso foniyo mwaufulu.

Mukamufunsa chimene chimamuvuta kusiya foni 21:00, zifukwa zimene zimatuluka nthawi zambiri ndi zenizeni. Foni ndiye alamu yake. Magetsi akapita, foni ndiye tochi yowerengera. Pa gulu la WhatsApp la kalasi anthu amatumiza manotsi ndi mafunso a homuweki mochedwa. Mabandulo a usiku ndi otchipa, ndiye amadikira pakati pa usiku kuti akopere mavidiyo. Chilichonse chili ndi yankho laling'ono. Kawotchi ka alamu ndi nyale yotchaja n'zotsika mtengo kusiyana ndi foni. Gulu la kalasi alione komaliza 20:45, kenako mphindi 5 m'mawa asananyamuke. Za bandulo ya usiku, njira yolunjika ndi kumugulira ya mlungu yogwira masana, mogwirizana kuti ikatha isanakwane nthawi adikira.

Njira imene imagwira bwino kuposa zonse ndi ya malo: foni igone kunja kwa chipinda chogona, pamalo amodzi odziwika, monga pa sitandi ya wailesi yakanema pabalaza pamene pali tchaja. Kuyambira Lamlungu mpaka Lachinayi ikhale pamenepo 21:00, Lachisanu ndi Loweruka 22:30 kapena nthawi imene mwagwirizana. M'nyumba ya zipinda ziwiri momwe mwana amagona pabalaza pomwepo, foniyo igone kuchipinda kwa makolo, koma yozimitsa kapena yokhoma ndi nambala yake yachinsinsi, kuti asagone akuganiza kuti mukuisanthula. Ndipo ngati adadi amakhala pa Facebook mpaka 23:00 pabalaza, lamuloli silikhalitsa. N'kwabwino mafoni onse a m'nyumba agone pamalo amodzi, yanu ikhale yotsegula mawu chifukwa cha mauthenga a mwadzidzidzi.

Zida za mufoni zimathandiza, koma dziwani malire ake. Bedtime mode imachititsa sikirini kukhala yotuwa ndi kuletsa mauthenga kulira, koma siikhoma foni. App timers imatseka pulogalamu nthawi yake ikatha, koma imayambiranso kuwerenga pakati pa usiku, ndiye mwana wochenjera amangodikira 00:00. Komanso TikTok yotsekedwa ikhoza kutsegulidwa kudzera pa Chrome. Family Link imapatsa kholo mphamvu yokhoma foni kuchokera pa foni yake, koma mukaiika mokakamiza pa mwana wa zaka 16, chimene mumapeza ndi foni yachiwiri yobisika. Zidazi zimagwira pamene mwana wavomereza yekha kuti akufuna chomukumbutsa.

Pangano likasweka

Lidzasweka ndithu, mwina mlungu woyamba womwewo. Ichi si chizindikiro chakuti njirayi yalephera. Funso ndi lakuti lasweka pati.

Ngati mwana anavomera zonse mwamsanga, "chabwino amayi, chabwino amayi," kenako osachita chilichonse, ndiye kuti sitepe yoyamba inadumphidwa. Anavomera kuti nkhani ithe. Chizindikiro chake n'chakuti papepala palibe ganizo ngakhale limodzi lochokera kwa iye. Bwererani pachiyambi, ndipo ulendo uno musapereke yankho lililonse mpaka iye atapereka lake.

Ngati zinayenda masiku atatu kenako n'kugwa, funani tsiku lenileni limene zinagwa ndi chimene chinali chosiyana tsikulo. Mwina magetsi sanabwere usiku wonse ndipo foni inathima m'tauni. Mwina mvula inagwa, misewu n'kudzaza madzi. Mwina kunali mayeso mawa lake ndipo gulu la kalasi linatentha mpaka 23:00. Konzani mzere umodzi wokhawo, mwachitsanzo kulola 22:00 usiku wa mayeso, osafafaniza pangano lonse.

Ngati anachedwa koma anatumiza uthenga, pangano silinasweke. Kholo likakalipabe tsiku limenelo, mwana amaphunzira kuti kunena zoona n'kopanda phindu, ndipo mauthenga amasiya kubwera. Cholakwa chenicheni ndi kuchedwa kopanda uthenga foni ili ndi moto.

Zotsatira za kulakwa zigwirizanidwe pasadakhale, zikhale zazing'ono, zokhudzana ndi cholakwacho, ndiponso zokhala ndi tsiku lothera. Wachedwa osanena: Loweruka la mlungu umenewo sapita kocheza. Walowa ndi foni kuchipinda: masiku awiri otsatira foni igone 20:00. Mufunseni iye kuti zotsatira zikhale zotani, chifukwa kawirikawiri ana amatchula chilango chokhwima kuposa chimene inu mukanatchula, ndipo ntchito yanu imakhala kuchichepetsa. Chilango cha "mpaka nditaona kuti wasintha" chilibe pothera, ndipo mwana amene sakuona pothera alibe chifukwa choyesera. Ngati pali chifukwa chachikulu chochotsera foni yaikulu kwa masiku angapo, mpatseni kafoni ka mabatani ka paulendo, simu yake ikhale momwemo.

Zinthu ziwiri musazichite n'komwe. Kumukhomera geti kuti agone kunja "aphunzire" ndi kumupereka ku ngozi yomwe ija munkaiopa, ndipo mtsikana amene wakanizidwa kulowa amakagona kwa aliyense amene wamutsegulira chitseko. Kumenya nako, kuwonjezera pa kuphunzitsa mwana kubisa, n'koletsedwa mu Zambia ndi lamulo la ana la chaka cha 2022.

Vuto lina limachokera kwa akuluakulu okhaokha. Amayi agwirizana ndi mwana za 19:30, adadi abwera n'kunena kuti "m'nyumba mwanga muno ndi 18:00." Kapena agogo amabweza foni mwakabisira. Akuluakulu onse okhala pakhomo amvane kaye paokha, mwana palibe, ndipo pepala la mphindi za ulendo lija liikidwe patsogolo pawo, chifukwa bambo amene sangagonje pa mawu amatha kugonja pa masamu. Ena amaona ngati kukambirana ndi mwana n'kutaya ulemu wa kholo. Koma kholo ndi limene likusankha nkhani yokambirana, ndi limene likunena zimene sizingasinthe, monga kusayenda wekha mumdima, ndipo ganizo limene silikuyankha nkhawa yake sililoledwa. Ngati kholo ndi mwana afika poti sangathe kumalizitsa ziganizo ziwiri osakwezerana mawu, itanani azakhali kapena amalume amene mwanayo amamasuka nawo, akhale pakati. Ntchito yawo ikhale yoonetsetsa kuti aliyense wamaliza kulankhula, osati yodzapereka mwambo.

Tsiku lodzaonanso lija lisadumphidwe ngakhale zonse zikuyenda bwino, chifukwa mukamakhala pansi pokhapokha zikavuta, mwana amadziwa kuti "tikambirane" ndi dzina lina la mlandu. Mphindi 10 n'zokwana. Werengani: pa maulendo anayi a milungu iwiriyo, uthenga unabwera kangati? Pa usiku khumi wa masiku a sukulu, foni inagona pamalo ake kangati? Ngati zambiri zinayenda, onjezerani ufulu pang'ono pamalo amene iye wasankha, mwina mphindi 30 Loweruka. Ngati theka linalephereka, pangano linali lolemera kapena pali chifukwa chimene sichinatuluke.

Pamene nkhani si ya nthawi kapena foni

Pali zizindikiro zimene zikusonyeza kuti kuseri kwa mkanganowu kuli china chachikulu. Mwana ali ndi foni yatsopana, zovala kapena ndalama za pafoni zimene sangafotokoze kumene zachokera. Pali galimoto imene imamutsitsa patali ndi nyumba. Ndalama zikusowa m'nyumba ndipo mufoni muli mapulogalamu a kubetcha, amene ndi oletsedwa kwa ana osakwana zaka 18. Amanjenjemera kapena kulira uthenga ukalowa, zimene zimachitika pamene wina akumuopseza kuti afalitsa zithunzi zake. Wasiya kudya, wasiya anzake onse, kapena wanenapo zoti moyo watopa nawo. Wagona kunja osadziwika kumene anali.

Zikatero, kholo lichitepo kanthu tsiku lomwelo popanda kudikira Loweruka, koma mawu oyamba akhale omutsimikizira kuti sathamangitsidwa pakhomo, chifukwa mwana amene akuopsezedwa amaopa makolo ake kuposa womuopsezayo. Ngati ndi nkhani ya zithunzi kapena munthu wamkulu amene akumunyengerera, musafufute mauthengawo ndipo musatumize ndalama. Jambulani sikirini, sungani nambala ya munthuyo, n'kupita ku polisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo akhoza kuimba mwana yekha kapena kholo lofuna uphungu. Ngati wanena zodzipha, asasiyidwe yekha, chotsani mankhwala ndi zinthu zoopsa pafupi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.